Pepani, Ndakufananizani

Pafupifupi tonse zinatichitikirapo. Uli pa depoti kudikira basi, wina akukugwira paphewa n'kukutchula dzina losakhala lako. Ukatembenuka amakuyang'anitsitsa pang'ono, kenaka n'kuseka mwamanyazi: "Pepani, ndakufananizani." Nkhani imathera pomwepo, chifukwa munthu wamoyo amatembenuka, amalankhula, amayenda kayendedwe kake, ndipo wolakwitsayo amazindikira msanga. Chithunzi sichitembenuka ndipo sichiyankha. Munthu akafananizidwa pa chithunzi, palibe chimene chimadzutsa wofananizayo, ndipo cholakwacho chimatha kuyenda ulendo wautali, kuchoka pa tebulo la wapolisi mpaka kukafika kwa woweruza.

Richard Anthony Jones wa ku America anaziona zimenezi. Pa 31 Meyi 1999, mayi wina anachitidwa chipongwe pamalo oimika magalimoto pa sitolo ya Walmart ku Roeland Park, m'chigawo cha Kansas. Wakuba anafuna kumulanda kachikwama, mayiyo anakakamira, anagwa n'kusupuka mawondo, ndipo wakubayo anathawa ndi foni. Zonse zinachitika m'kanthawi kochepa. Anthu amene anali m'galimoto imodzi ndi wakubayo sankamudziwa bwino. Anangoti anamutenga pa nyumba ina mumzinda wa Kansas City ndipo ankatchedwa "Rick", chomwe ndi chidule cha dzina loti Richard. Patapita miyezi, mmodzi wa iwo anaonetsedwa zithunzi za anthu amene apolisi anali nazo kale, ndipo analoza cha Jones. Kenaka apolisi anaika chithunzicho pakati pa zina zisanu n'kuonetsa mboni zina. Maloya amene anadzaunikanso mlanduwu pambuyo pake anaona kuti pa anthu asanu ndi mmodziwo, Jones yekha ndiye ankagwirizana ndi zimene mboni zinafotokoza, makamaka kuyererako kwa khungu.

Panalibe zidindo za zala, panalibe DNA, panalibe katundu wobedwa amene anapezeka naye. Achibale anachitira umboni kuti tsiku limenelo anali nawo pa phwando. Khoti linakhulupirira maso a mboni, ndipo Jones analamulidwa kukhala m'ndende zaka 19.

Ali m'ndendemo, akaidi anzake anayamba kumuuza kuti pali munthu wina wofanana naye ngati mapasa, ndipo dzina lake ndi Ricky. Maloya a bungwe la Midwest Innocence Project pamodzi ndi a sukulu ya zamalamulo ya Yunivesite ya Kansas anamufufuza munthuyo, n'kupeza kuti ankakhala kufupi ndi nyumba imene "Rick" anatengedwa. Zithunzi za awiriwa zikaikidwa pamodzi, munthu amadabwa: khungu lofanana, tsitsi loluka mizere, ndevu zometedwa mofanana, maso ofanana. Mu Juni 2017 mboni zinaonetsedwa zithunzi ziwirizo m'khoti, ndipo zinavomera kuti sizingathe kusiyanitsa. Jones anatuluka atakhala m'ndende zaka 17. Tisaiwale kunena kuti munthu winayo anakana kuti sanabe, ndipo khoti silinamupeze wolakwa. Linangonena kuti umboni wa maso woterewu sungamangitse munthu.

Mboni zija sizinaname. Zinaona nkhope, zinaikumbukira mmene zikanathera, ndipo zinaloza chithunzi chimene chinayandikira kwambiri. Vuto lili pa chinthu chimene ambirife sitichivomereza: pa nkhope za anthu osawadziwa, maso athu ndi ofooka kuposa mmene timaganizira.

Maso a mbale ndi maso a mlendo

Mayi wa mapasa sasokoneza ana ake. Amawadziwa ngakhale mumdima, ngakhale atatembenukira kumbali. Inunso mukhoza kuzindikira mchemwali wanu pa chithunzi chosaoneka bwino cha zaka 20 zapitazo, ali mkati mwa gulu la anthu a kwaya. Luso limeneli limatinamiza. Timaganiza kuti popeza timazindikira achibale mosavuta, ndiye kuti ndife akatswiri a nkhope zonse. Koma nkhope ya mbale wanu mwaiona kambirimbiri, akuseka, akulira, atadwala, atanenepa, masana ndi usiku, moti ubongo wanu unaphunzira zimene zimasintha pa iye ndi zimene sizisintha. Pa mlendo mulibe zonsezi. Muli ndi chithunzi chimodzi, cha tsiku limodzi, chojambulidwa ndi kamera imodzi.

Mu 2011, Rob Jenkins, Mike Burton ndi anzawo ku Yunivesite ya Glasgow anachita kafukufuku wosavuta kumva. Anatenga zithunzi 40 za anthu awiri otchuka a ku Netherlands, aliyense zithunzi 20, n'kuzisakaniza. Anapatsa anthu a ku Britain, amene sankawadziwa awiriwo, kuti aziunjike m'milu, mulu uliwonse munthu mmodzi. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anapanga milu iwiri. Ambiri anapanga milu pafupifupi isanu ndi iwiri kapena isanu ndi itatu, ndipo wina anafika pa 16. Zithunzi zomwezo zitaperekedwa kwa anthu a ku Netherlands, amene ankawaonera awiriwo pa wailesi ya kanema, pafupifupi onse anapanga milu iwiri mosavutika.

Ndiye kuti vutoli lili ndi mbali ziwiri. Anthu awiri osiyana amatha kuoneka ngati mmodzi, komanso munthu mmodzi amatha kuoneka ngati anthu asanu. Mbali yachiwiriyi ndi imene imatsegulira khomo wachinyengo. Aliyense wogwira ntchito yoona ziphaso amadziwa kuti anthu safanana kwenikweni ndi zithunzi zawo. Pasipoti imakhala zaka khumi, ndipo m'zaka khumi munthu amanenepa, amaonda, amachita dazi. Woyang'anirayo akamakana aliyense wosiyanako ndi chithunzi chake, mzere sungayende. Choncho amaphunzira kukhululukira kusiyana pang'ono. M'kukhululuka momwemo ndi mmene mng'ono amadutsira ndi chiphaso cha mkulu wake.

Mwina mungati akatswiri a ntchitoyi salakwitsa choncho. Mu 2014 David White wa ku Yunivesite ya New South Wales ndi anzake anayesa ogwira ntchito mu ofesi ya mapasipoti ku Australia. Munthu ankaima patsogolo pawo, iwo n'kuyerekeza nkhope yake ndi chithunzi. Pa zithunzi 100 zilizonse za munthu wolakwika, anavomereza pafupifupi 14. Chodabwitsa kwambiri n'chakuti amene anagwira ntchitoyi zaka zambiri sanapose amene anangoyamba kumene. Ena anali aluso ndithu, ena ankalakwitsa kawirikawiri, koma zaka za pa ntchito sizinali chifukwa chake. Ine ndimaona kuti chifukwa chimodzi n'chosabisika: wachinyengo akadutsa, palibe amene amabwerera kudzauza wa pa windo uja kuti analakwitsa. Munthu sangaphunzire pa cholakwa chimene sanachidziwe.

Magazi amodzi, nkhope imodzi

Maonekedwe a nkhope timatengera kwambiri kwa makolo. N'chifukwa chake agogo akangoona khanda amanena kuti mphuno iyi ndi ya kuchimuna, chipumi ichi n'cha kuchikazi. Ana a bere limodzi amagawana pafupifupi theka la zotengera zimene zimasiyanitsa anthu, asuweni gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu. Mapasa ali mitundu iwiri. Ena amachokera ku mazira awiri, ndipo amafanana monga mmene ana ena onse a mimba imodzi amafananira. Ena amachokera ku dzira limodzi limene linagawika, ndipo zotengera zawo zimakhala pafupifupi zofanana kotheratu. Mapasa a dzira limodziwa amabadwa katatu kapena kanayi pa uchembere 1,000 uliwonse, ndipo ndi amene amasowetsa mtendere akatswiri, chifukwa ngakhale kuyeza DNA kwa masiku onse sikuwasiyanitsa.

Koma pa nkhani ya ziphaso, mbale wamba ndi woopsa kuposa mapasa, chifukwa mapasa ndi ochepa pamene pafupifupi aliyense ali ndi mng'ono, mkulu kapena msuweni wa msinkhu wake. Wobwereka chiphaso cha mbale sasowa kusintha kanthu pa chiphasocho. Chidindo n'chenicheni, pepala ndi lenileni, makina akachiwerenga amati chili bwino. Komanso mbaleyo amadziwa tsiku lobadwa, mudzi, mfumu, dzina la mayi. Mafunso onse amene angakole mlendo, iye amayankha osaphethira. Chotsala n'chimodzi basi, nkhope, ndipo nkhopeyo ndi ya pamtundu.

Zomwezi zimasokoneza zithunzi zakale za m'banja. Chithunzi cha mtsikana wa zaka 20 chikapezeka m'sutikesi ya malemu, ena amati ndi agogo, ena amati ndi azakhali, ndipo onse akunena zoona pa zimene akuona, pakuti mwana wamkazi pa zaka 20 amatha kukhala ndendende mmene mayi ake analili pa msinkhu womwewo. Apa nkhope sithandiza kwenikweni. Chothandiza ndi chaka: kuseri kwa chithunzi kunalembedwa chiyani, chidindo cha wojambula chikuti chiyani, n'cha mitundu kapena chakuda ndi choyera, kasokedwe ka diresi ndi ka nthawi iti. Mukadziwa kuti chinajambulidwa cha m'ma 1960, mwana wobadwa mu 1958 wachoka kale pa mndandanda.

Nanga anthu ofanana popanda ubale? François Brunelle, wojambula zithunzi wa ku Canada, wakhala akusonkhanitsa anthu otere kuyambira mu 1999. Mu 2022 gulu la Manel Esteller ku Barcelona linatenga magulu 32 a anthu awiriawiri a Brunelle n'kuwayesa pa mapulogalamu atatu a kompyuta ozindikira nkhope. Magulu 16 ananamiza mapulogalamu onse atatu, ndipo atayezedwa DNA, ambiri mwa 16 amenewa anapezeka kuti ali ndi zotengera zambiri zofanana ngakhale sanali pachibale. Zidutswa zomangira nkhope ya munthu zili ndi malire, ndipo pa dziko la anthu oposa mabiliyoni asanu ndi atatu, kasakanizidwe kena kayenera kubwerezeka.

Kufunafuna chosiyana

Diso likasiyidwa lokha limayang'ana nkhope yonse nthawi imodzi n'kugamula msanga kuti "ndi yemweyu". Likagamula, limayamba kutolera zofanana zokhazokha. Akatswiri oyerekeza zithunzi za milandu amaphunzitsidwa kuchita zotsutsana ndi chibadwa chimenechi: kuphwanya nkhope m'zigawo, kuyang'ana chigawo chilichonse pachokha, ndi kufunafuna chosiyana. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ntchitoyi ili choncho ndithu.

Tiyerekeze kuti muli ndi zithunzi ziwiri. Choyamba n'cha pa chiphaso, chojambulidwa zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Chachiwiri ndi selefi ya mnyamata amene akuti chiphasocho n'chake, ndipo mukukayikira kuti mwina n'cha mkulu wake.

Musanayang'ane munthu, yang'anani chithunzi. Kodi chikuoneka bwino moti mungathe kuona mzere wa chikope ndi mapindidwe a khutu? Ngati nkhope ndi kadontho ka pa kanema wa kamera ya padenga, kuikuza sikuonjezera kanthu, kumangokuza chimbuuzi. Kodi mitu yapendekera mofanana? Munthu akaweramitsa mutu pang'ono, chipumi chimakula ndipo chibwano chimachepa. Kodi kamera inali patali bwanji? Madokotala a ku Yunivesite ya Rutgers anawerengetsa mu 2018 kuti chithunzi chojambulidwa pa masentimita 30 chimaonetsa mphuno yotambalala ndi pafupifupi magawo 30 pa 100 alionse poyerekeza ndi chojambulidwa pa mita imodzi ndi theka. Pa mtunda waufupi womwewo makutu amabisala kuseri kwa masaya. Choncho mphuno yaikulu pa selefi si umboni wakuti ndi munthu wina. Pa chifukwa chomwechi, kuyeza nkhope ndi rula pa zithunzi ziwiri zojambulidwa mosiyana n'kudzinamiza, ndipo akatswiri ambiri anasiya kudalira njira imeneyo.

Pali msampha winanso wa selefi. Mafoni ambiri amasunga chithunzi chotembenuka ngati cha pagalasi, dzanja lamanja n'kukhala kumanzere. Chipsera chimene chili pa tsaya lamanzere pa chiphaso chimapezeka kumanja pa selefi, ndipo wofulumira amati wagwira wakuba. Yang'anani zilembo za pa malaya kapena pa khoma kumbuyoko. Zikawerengeka chobwerera m'mbuyo, chithunzicho n'chotembenuka.

Mukatsimikiza za zithunzizo, iwalani zonse zimene munthu angasinthe pa tsiku limodzi kapena pa chaka chimodzi: tsitsi, ndevu, magalasi, nsidze zometa, kunenepa, ngakhale kuwala kwa khungu, kumene kumasintha ndi nyali, ndi kamera, ndi mafuta odzola. Zimenezi ndi zimene diso limathamangira, ndipo ndi zimene zinachititsa kuti Jones ndi mnzake uja aoneke ngati munthu mmodzi.

Yambirani pa khutu. Alice Towler ndi anzake ku Australia atafufuza zigawo za nkhope zimene zimathandiza kwambiri akatswiri, anapeza kuti makutu ndi zizindikiro za pakhungu ndiye zili patsogolo, ngakhale kuti anthu wamba saziyang'ana n'komwe. Khutu silimwetulira, silikwiya, ndipo silisintha kwambiri munthu akanenepa. Onani kansonga ka m'munsi kamene amabowola ndolo: kakulendewera, kapena kanamatirira ku tsaya? Onani mkombero wa kunja: wapindika mpaka pansi, kapena wathera pakati? Onani kachotupa ka kutsogolo kwa bowo, ndi mmene khutu lonse latalikirana ndi mutu. Abale amatha kukhala ndi maso amodzi ndi milomo imodzi koma makutu osiyana. N'chifukwa chake mpango kapena chipewa chophimba makutu chimachotsa umboni wabwino kwambiri umene mukanakhala nawo.

Kenaka pitani pa khungu: timadontho takuda tobadwa nato, zipsera, mphini, mabowo a ndolo. Kwa mapasa a dzira limodzi, apa ndi pamene pagona chiyembekezo, chifukwa timadontho sitimera malo amodzimodzi, ndipo chipsera cha njinga chili ndi mwini wake mmodzi. Musangoti "onse ali ndi kadontho pa tsaya". Kali pati kwenikweni, pansi pa ngodya ya diso kapena kufupi ndi mphuno? Pambuyo pake onani mano ngati akuoneka, mpata wa pakati pake, dzino lobenthuka kapena lokwera pa linzake, ndiyeno mabowo a mphuno, kangalande ka pakati pa mphuno ndi mlomo, ndi mapindidwe a zikope. Chigawo chilichonse mulembe: chofanana, chosiyana, kapena sichikuoneka.

Tsono nayi mfundo imene imalamulira zonse. Zofanana khumi sizitsimikiza kuti ndi munthu mmodzi, pakuti abale amafanana pa zambiri. Koma chosiyana chimodzi chimene sichingafotokozeke n'chokwanira kunena kuti ndi anthu awiri. Pa mnyamata wathu uja, tinene kuti maso, mphuno ndi milomo zikugwirizana. Pa selefi pali chipsera pa chibwano chimene pa chiphaso palibe. Chimenechi chingafotokozeke, popeza m'zaka zisanu ndi chimodzi munthu akhoza kuvulala. Pa chiphaso pali kadontho pansi pa diso kamene pa selefi sikakuoneka. Ichinso chingafotokozeke, chifukwa mafoni ambiri amasalaza khungu okha, choncho muyenera kumuona mnyamatayo maso ndi maso kapena kumujambulanso. Koma ngati pa chiphaso kansonga ka khutu kakulendewera, ndipo pa mnyamatayo kanamatirira ku tsaya, pamene zithunzi zonse zikuoneka bwino ndipo zajambulidwa kuchokera mbali yofanana, palibe zaka kapena kamera imene ingachite zimenezo. Chiphasocho n'cha munthu wina.

Mayankho ololedwa ndi atatu, osati awiri: ndi yemweyo, si yemweyo, kapena zithunzizi sizikukwanira kugamula. Yankho lachitatuli anthu amaliona ngati kulephera, makamaka bwana akamadikira pakhomo. Koma zolakwa zambiri zimabadwa pamene munthu wakakamizidwa kusankha pakati pa awiri oyambawo.

Chomaliza pa tebulopo ndi munthu wachiwiri. Ofufuza anaona kuti mayankho a anthu angapo akaphatikizidwa amalondola kuposa a munthu mmodzi, koma pokhapokha aliyense atayang'ana payekha. Mukapatsa mnzanu zithunzi n'kunena kuti "taonani, si yemweyu uyu?", mwamupatsa kale yankho, ndipo chimene mwapeza si umboni wachiwiri koma mawu anu omwe akubwerera. Mupatseni osamuuza maganizo anu, osamuuzanso mlandu wake.

Mboni ndi makina

Mboni ya mlandu ili pa mavuto oposa a wa pa windo la ziphaso, chifukwa ikuyerekeza chithunzi ndi chikumbumtima chabe cha nkhope imene inaiona kwa masekondi ochepa, ili ndi mantha. Ikaonetsedwa zithunzi zisanu ndi chimodzi, imakonda kusankha woyandikira kwambiri, ngakhale wolakwa weniweni palibepo. Njira zochepetsera zimenezi n'zodziwika. Anthu asanu oonjezerawo akhale ogwirizana ndi zimene mboni inafotokoza, kuti woganiziridwayo asaonekere yekha ngati mmene Jones anaonekera. Wapolisi woonetsa zithunzi asadziwe kuti woganiziridwa ndi uti, kuopa kuti nkhope yake kapena mawu ake angaloze. Mboni iuzidwe momveka kuti mwina wolakwayo palibepo. Ndipo ikangosankha, mawu ake onena mmene yatsimikizira alembedwe nthawi yomweyo, chifukwa "ndikuganiza kuti ndi uyu" wa ku polisi amasanduka "sindingamuiwale" pofika kukhoti, mboniyo itaona nkhope yomweyo kangapo.

Makompyuta ozindikira nkhope afika patali, ndipo pa zithunzi zooneka bwino amaposa anthu ambiri. Komabe magazi amawasokoneza. Kampani ya Apple imanena yokha kuti mwayi woti mlendo atsegule foni yanu ndi Face ID ndi wosaposa umodzi pa miliyoni, koma imachenjeza kuti mwayiwo ndi wokulirapo kwa mapasa, kwa abale ofanana nanu, ndi kwa ana osakwana zaka 13. Ndipo umodzi pa miliyoni umaoneka wochepa pokhapokha poyerekeza anthu awiri. Tiyerekeze kuti makina olakwitsa kamodzi pa miliyoni apatsidwa nkhope imodzi kuti aifunefune m'kaundula wa anthu 9 miliyoni, chiwerengero chonga cha amene analembetsa chiphaso cha unzika ku Malawi mu 2017. Akhoza kutulutsa anthu pafupifupi asanu ndi anayi osalakwa, ndipo onsewo adzakhala ofanana kwambiri ndi wofunidwayo, popeza ndiyo ntchito imene makinawo apatsidwa. Kaundula akamakula, makina amasanduka mlenje wa anthu ofanana, ndipo munthu woti aunike zotsatirazo amalandira nkhope zovuta kwambiri kusiyanitsa.

Robert Williams wa kufupi ndi Detroit anamangidwa mu Januwale 2020 pakhomo pake, mkazi wake ndi ana ake aakazi awiri akuona, pa mlandu woba mawotchi m'sitolo. Makina anagwirizanitsa chithunzi chosaoneka bwino cha pa kamera ya m'sitolo ndi chithunzi cha pa laisensi yake yoyendetsera galimoto. Apolisi anaika nkhope yake pakati pa zina n'kuonetsa munthu amene sanaone kubako ndi maso, amene anangoonera kanema yemweyo. Williams anakhala m'chitokosi maola pafupifupi 30 mlandu usanathetsedwe. Mwezi umodzi m'mbuyo mwake, bungwe la boma la America loyesa makina, la NIST, linali litalengeza kuti mapulogalamu ambiri amasokoneza nkhope za anthu a kumadzulo ndi kum'mawa kwa Africa kawirikawiri kuposa za azungu. Dzina lotuluka m'makina ndi poyambira kufufuza basi. Pafunikabe kufunsa kumene munthuyo anali tsiku limenelo, kutalika kwake, foni yake inali kuti, ndi zala zake.

Zala zimatibweretsa ku nkhani yakale kwambiri pa zonsezi. Mu 1903, mkaidi watsopano dzina lake Will West anafika ku ndende ya Leavenworth, ku Kansas komweko. Masiku amenewo akaidi ankazindikiridwa ndi njira ya Alphonse Bertillon wa ku polisi ya Paris: zithunzi ziwiri, chakutsogolo ndi cham'mbali, ndi miyeso 11 ya thupi, monga kutalika, mutu, khutu, chala chapakati, mkono ndi phazi. Kalaliki atamuyeza anapita ku makadi n'kutulutsa khadi la William West, lokhala ndi nkhope yomweyo ndi miyeso yoyandikana kwambiri. Will anavomera kuti chithunzicho chikuoneka ngati chake, koma anakanitsitsa kuti sanafikepo pamalopo. Ankanena zoona. William West anali kale m'ndende yomweyo kuyambira mu 1901, akugwira ukaidi wa moyo wonse pa mlandu wakupha.

Nkhaniyi imakambidwa kawirikawiri ngati kuti tsiku lomwelo anawadinda zala, njira ya Bertillon n'kugwa pomwepo. Sizinayende choncho. Ku Leavenworth anayamba kudinda zala chakumapeto kwa 1904, akuluakulu a ndendeyo ataphunzira lusoli kwa wapolisi wa ku Scotland Yard pa chionetsero cha ku St. Louis, ndipo zala za amuna awiriwa zitadindidwa zinapezeka zosiyana. Zidindo za zala zimaumbika mwana ali m'mimba, motengera zinthu zing'onozing'ono za mmene wakhalira m'menemo, n'chifukwa chake ngakhale mapasa a dzira limodzi sakhala ndi zofanana. N'chifukwa chakenso kalembera wa chiphaso cha unzika satenga chithunzi chokha, amatenganso zala.

Koma ngakhale makadi a Bertillon aja anali ndi yankho kwa munthu wodekha. Miyeso yambiri inkasiyana ndi milimita imodzi yokha, yomwe ingakhale kulakwitsa kwa woyeza. Phazi lamanzere linali nkhani ina: la Will linali masentimita 28.2, la William 27.5. Mamilimita asanu ndi awiri pa phazi la munthu wamkulu si kunjenjemera kwa dzanja la kalaliki. Ndi chosiyana chija chosafotokozeka, ndipo chinali cholembedwa pa khadi, pafupi ndi zithunzi ziwiri zimene aliyense ankaziyang'ana modabwa.

Kwa zaka zambiri mabuku a apolisi ankanena kuti awiriwa sanali pachibale. Mu 1980 wofufuza wina, Joe Nickell, anaunika kaundula wa makalata amene akaidiwa ankatumiza ali m'ndende. Anapeza kuti onse awiri ankalembera mchimwene mmodzi yemweyo, alongo asanu omwewo, ndi wachibale wina wamkulu dzina lake George, ndipo anagamula kuti Will ndi William West ayenera kuti anali mapasa.